Ndondomeko ya maphunziro a mavolontiya a zaumoyo ku Golomoti: kusamba m'manja ndi kusamala madzi akumwa

Kwa alangizi a zaumoyo anzanga amene titsogolere limodzi Lachinayi. Tikuyembekezera mavolontiya 24 ochokera m'midzi 8. Mabenchi tisawandandike ngati m'kalasi, anthu akhale mozungulira. Uthenga woti tizisamba m'manja anaumva kale pa nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023, choncho aliyense wa ife asalankhule kupitirira mphindi 5 anthu asanagwire kanthu.

Mubweretse sopo, phulusa, makala osinja, mafuta ophikira pang'ono, mchere, zigubu 4 za malita 5, chingwe, msomali, ndowa 2 za malita 20, makapu ndi Wotagadi.

8:30. Anthu atatu tidzawapaka m'manja makala osakaniza ndi mafuta, ndipo onse apatsane moni wa pamanja. Kenako aliyense aone chikhatho chake, chitenje, ngakhale pamphuno. Tifunse funso limodzi lokha: "Chikanakhala chimbudzi cha mwana, bwenzi chafika kwa angati?" Musawayankhire. Akhala chete, dikirani.

9:15. Magulu atatu asambe: lina m'beseni limodzi monga timachitira pa nsima, lina mothirirana madzi okha, lina mothirirana ndi sopo kwa masekondi 20, osaiwala pakati pa zala ndi m'zikhadabo. Apukutire pa nsalu yoyera, ayerekeze okha. Madzi a m'beseni aja musataye msanga. Womaliza kusamba awaonetse anzake. Pamenepa pamabuka mkangano, ena amati sopo wadula, ena amati kuthirira apongozi madzi n'kusowa ulemu. Usiyeni upse, chifukwa mawu omwewo akawapeza m'makomo. Posowa sopo, phulusa lilowe m'malo. Nthawi zosamba azitchule okha: pochoka kuchimbudzi, mutasintha mwana thewera, musanaphike, musanadye, musanadyetse mwana.

10:30. Gulu lililonse limange mpondagiya, ife manja kumbuyo.

11:30. Makapu awiri a madzi oyera mbee, ina tasungunuliramo mchere mobisa. Asankhe yabwino ndi maso, kenako alawe. Tikatero tipite kumjigo, titsate ndowa mpaka pakhomo, anthu akuwomba m'manja paliponse pamene madzi angaipe: zala m'mphepete mwa ndowa, masamba oletsa kukhavuka, mtsuko wosavundikira, kapu imodzi yotungira n'kumweranso. Aliyense ayese kuthira Wotagadi, kachitsekero kamodzi pa malita 20, n'kudikira mphindi 30. Wowiritsa, madzi abwadamuke mphindi yathunthu.

Pa nkhomaliro tisakumbutse munthu. Ine ndidzakhala chapatali kuwerenga amene apite okha pa mpondagiya, chiwerengerocho tidzawauza atakhuta.

1:30. Awiriawiri, wina volontiya, wina mwini khomo wovuta amene akuti madzi a mankhwala amanunkha. Asinthane. Pomaliza aliyense atchule makomo 5 amene akawayendere sabata yamawa, tiwalembe m'kaundula. Tiweruke 3 koloko kuti a kutali afike kusanade.