Kwa Inu Amene Mudzakhale Mwamuna Wanga

9 Juni 2025

Wokondedwa,

Dzina lanu sindikulidziwa, nkhope yanunso sindinaionepo, choncho moni wanga ukhala waufupi. Ndikhulupirira muli bwino kumene muliko, ndiponso kuti mukudzisamala, chifukwa thupi mukuyenda nalolo ndi limene ndidzalidwazike tikadzakalamba.

Ine ndine Tadala. Ndili ndi zaka 24, ndimaphunzitsa masamu kusekondale, ndipo chino ndi chaka changa chachiwiri pa ntchito. Ndikulemba tisanakumane mwadala. Ndaona anzanga anzeru zawo, oti m'kalasi ankatisiya kutali tonsefe, chikondi chitangowagwira pakamwa n'kulemera. Funso loti akanafunsa mwezi woyamba amalisunga poopa kukhumudwitsa munthu, mpaka amadzalifunsa ndi dokotala kapena mwini ngongole. Ine sindisiyana nawo. Mukadzandisekerera kawiri katatu, ndidzayamba zoti "tikambirana mawa". Ndiye ndati ndilembe maganizo adakali m'malo.

Ndiyambe ndi nkhani yolemera. Ndili ndi mlongo wanga wamng'ono, Yamikani, wa zaka 17. Anabadwa ndi matenda a sikoselo. Mwina munawamvapo, mwina ayi, ndiye ndifotokoze monga ndimafotokozera ana a sukulu. Maselo ofiira a magazi a munthu wabwinobwino ndi ofewa, amadutsa mosavuta m'timitsempha ting'onoting'ono, ndipo amakhala masiku pafupifupi 120. A Yamikani amapindika n'kuuma, amatsekereza m'timitsemphamo, ndipo amafa pakangotha masiku 10 mpaka 20. N'chifukwa chake magazi ake amakhala ochepa nthawi zonse, maso ake amaoneka achikasu, ndipo nthawi zina ululu umamugwira m'mafupa moti mnyamata wamkulu amalira osachita manyazi. Kuzizira, kuchepa kwa madzi m'thupi, kutopa kwambiri kapena matenda ena alionse zimatha kuyambitsa ululuwo. Amamwa foliki asidi ndi mankhwala otchedwa haidulokisiyuriya tsiku lililonse, ndipo anapatsidwapo magazi kangapo. Musamumvere chisoni mukadzamuona, amadana nazo kwambiri. Ndi munthu wa nthabwala, ndipo adzakusekani kavalidwe tsiku loyamba lomwelo.

Izi zikukukhudzani motere. Matendawa sapatsirana, mwana amayamwira kwa makolo onse awiri. Ine ndinayezetsa ndipo anandipeza kuti ndine AS. Sindidwala, koma kambewu kake ndili nako. Ngati inu muli AA, ndiye kuti mulibe kambewuko, mwana wathu sangabadwe ndi matenda amene Yamikani ali nawo, ngakhale ena angadzatengere kambewuko ngati ine. Koma ngati inunso muli AS, pa mimba iliyonse pali mpata umodzi mwa inayi woti mwanayo abadwe SS, ndiye kuti wodwala, mipata iwiri yoti akhale ngati ife, ndi umodzi woti asatengere chilichonse. Ndikuti pa mimba iliyonse. Anthu amamva ngati kuti mwa ana anayi mmodzi yekha ndiye angadwale, kapena kuti woyamba akadwala atatu otsatirawo apulumuka. Si choncho. Mimba siikumbukira za inzake. Banja lingakhale ndi ana anayi onse abwinobwino, lina n'kukhala ndi atatu odwala motsatizana.

Choncho ndidzakupemphani kuti tikayezetse, ndipo pempholi lidzabwera msanga, mwina musanadziwe n'komwe tsiku langa lobadwa. Musadzandiyankhe kuti "ine magazi anga ndi gulu O, ndilibe vuto". Gulu la magazi ndi nkhani ina, uku ndi kuyeza kwina. Musadzandiyankhenso kuti kwanu kulibe wodwala. Kwathunso kunalibe, mpaka manja ndi mapazi a Yamikani atayamba kutupa asanakwanitse chaka. Tikadzapita kumeneko tidzayezetseretu HIV pamodzi, n'kudzabwerezanso pakatha miyezi itatu, chifukwa kachilombo kongolowa kumene nthawi zina sikaoneka pa kuyeza koyamba. Sindikukukayikirani. Ndingakayikire bwanji munthu woti sindinamuone? Zotsatira zanga mudzaziona inunso.

Nanga tikadzapezeka kuti tonse ndife AS? Pamenepa mpamene ndakhala nthawi yaitali cholembera chili m'manja. Ndikudziwa njira zilipo. Ena amasiyana mwamtendere, ena amakwatirana n'kulera ana osabereka okha, ena amapitirira akudziwa chimene angakumane nacho, ndipo amenewanso sindiwaweruza, poti mankhwala a masiku ano akuthandiza ana ambiri kukula bwino. Koma ine ndagonapo pansi m'chipatala pafupi ndi bedi la mlongo wanga, ndipo mtima wanga umakana kuberekera mwana ululu umenewo ndikudziwa. Ndikunena lero kuti musadzati ndinakubisirani. Ngati kwa inu banja lopanda mwana wa magazi anu si banja, mudzanene poyera, tidzasiyane tikupatsanabe moni.

Bambo anachoka pakhomo Yamikani ali ndi zaka zitatu, ine ndili ndi khumi. Ananena kuti matendawa ndi a kwa mayi, kwawo kulibe zotere. Ndinadzaphunzira ndili kusekondale kuti mwana sangakhale SS popanda theka lochokera kwa bambo ake. Mayi anasenza mlandu wosakhala wawo okha kwa zaka zambiri, ndipo mpaka lero sanenapo mawu oipa okhudza bambowo. Ine kupirira kotero ndilibe. Zimene ndinatengapo ndi mantha: munthu akatseka chitseko mwamphamvu n'kutuluka pa nthawi ya mkangano, mumtima mwanga amakhala wapita osabwerera. Ndiye tikadzayambana, ngati mukufuna kukapuma kaye panja, pitani, koma muzidzanena kuti "ndikubwera". Mawu amodzi okhawo.

Inenso ndili ndi zanga. Ndikakwiya sindikalipa, ndimangoti zii, ndipo ndikhoza kutsuka mbale zoyera kale. Mukadzaona zimenezo musadzafunse kuti "chavuta n'chiyani" kasanu motsatizana, ndidzangoti palibe. Mudzandipatse ola limodzi, kenako mudzafunse kamodzi mutakhala pansi. Ndimayankha.

Za ndalama tikambirane tsopano lino. Mwezi uliwonse, malipiro akangolowa, gawo limodzi mwa magawo asanu limapita kwa mayi kuti lithandize pa mankhwala ndi maulendo a kuchipatala. Zimenezi sizidzatha chifukwa choti ndakwatiwa. Ndipo mayi mphamvu zikadzawathera, Yamikani ndi wanga. Mwina adzakhala payekha ndi ntchito yake, ndi zimene iye akufuna, koma m'nyumba mwathu muzidzakhala malo ake ogona. Ndikudziwa kuti inunso simudzabwera chimanjamanja. Mwina muli ndi azing'ono anu amene mukuwalipirira sukulu, mwina ngongole ya kukoleji, mwinanso mwana amene munabereka kale. Palibe chimene chingandithamangitse pa zimenezi ngati ndazimva kuchokera pakamwa panu. Chimene sindingapirire ndi kudzamva kwa munthu wina patatha zaka zitatu. Ine ndimakhulupirira zoika malipiro onse awiri patebulo, aliyense aone, tichotse za nyumba, za abale ndi zosunga, kenako aliyense atsale ndi kake koti sangafunsidwe. Mukadzagula nsapato zodula ndi kanuko, ndidzangoyang'ana kumwamba.

Ntchito sindidzasiya. Malipiro ake si oti munthu n'kunyadira, koma pali kamphindi kena, mwana amene wakhala akulephera ma fulakishoni chaka chonse akati "ooh, kani!", kamene sindingasinthanitse ndi china. Kunyumba ndidzabwera ndi mulu wa makope ndi choko m'tsitsi. Ndiye ngati tonse tachokera ku ntchito, tonse tatopa, ndipo mbale sizidziwa kuti wamwamuna ndani.

Akuluakulu amakonda kunena kuti banja ndi kupirira, ndipo theka la mawuwo ndimagwirizana nalo. Ndidzapirira mkonono wanu, ntchito ikadzakutherani, matenda, achibale ovuta, ngakhale chaka chimene tidzaonane ngati alendo m'nyumba imodzi, pakuti ndamva kuti chaka chotero chimabwera. Koma dzanja lanu likadzanditera kamodzi, kapena mukadzayamba kundinyoza pamaso pa ana, sindidzadikira kachiwiri. Ndikulemba izi osati chifukwa ndikuganiza kuti ndinu wotero, koma kuti Tadala wa zaka 35 adzapeze umboni wa zimene wa zaka 24 analonjeza.

Mwina pofika apa mukuti mkazi uyu ndi wa malamulo okhaokha. Ayi ndithu. Ndimakuganizirani kuposa mmene ndingavomerere pagulu. Pa maukwati a anzanga, anthu akandifunsa kuti "nanga iwe liti?", ndimaseka, koma pobwerera ndimadzifunsa kuti kodi muli kuti. Mwina tinakwerapo basi imodzi. Mwina panopa muli pa chibwenzi ndi wina amene mukuganiza kuti ndi womaliza, ndipo ngati ndi choncho, mukhale naye mwaulemu, musamunamize, chifukwa mmene mudzasiyanirane naye ndi mmene ndidzakudziwireni. Sindikufunsa kutalika kwanu kapena mtundu wa galimoto. Ndikufuna kudziwa mmene mumalankhulira ndi mlonda wa pageti, ngati mumatha kunena kuti pepani osawonjezera "koma", ndiponso ngati mungakhale m'chipatala usiku wonse osayang'ana wotchi mphindi iliyonse. Ndikufuna munthu woseka naye mpaka m'mimba kupweteka. Ndimaimba ndikamachapa, ndipo mawu anga si abwino. Yamikani akuti amenewa ndiye matenda enieni a m'banja mwathu.

Ndimapemphera, ndipo nthawi zina ndimakutchulani, ngakhale popanda dzina. Ngati inu mumapemphera mosiyana ndi ine, kapena simupemphera n'komwe, imeneyonso ndi nkhani yoti tidzaikambe ana asanabwere, osati pa tsiku loti mwana wayamba kufunsa.

Sindikukudikirani nditapinda manja. Chaka chamawa ndikufuna kuyamba maphunziro ena a madzulo, ndikuphunzira kusambira ngakhale ndimaopa madzi, ndipo ndikusunga pang'onopang'ono. Mukadzachedwa, mudzandipeza ndili patsogolo. Mukadzapanda kubwera n'komwe, zidzandiwawa, sindinama, koma moyo wanga sudzakhala wa theka.

Kalatayi sindidzakupatsani pa tsiku la ukwati, pamenepo n'kuti madzi atafika kale m'khosi. Ndidzakupatsani tsiku limene ndidzazindikire kuti ndayamba kuopa kukutayani, chifukwa ndi tsiku lomwelo limene ndidzafune kuibisa. Mudzaiwerenge muli nokha, musadzayankhe pompo. Mukadzatha, mudzandilembere yanu, ngakhale ya tsamba limodzi, yonena zimene inu mwasenza. Zilembo zoipa sizindiopsa, ndimawerenga makope a ana 60 sabata iliyonse.

Ndine wanu, ngati mudzafunebe mutawerenga zonsezi,

Tadala