Chifukwa chake timatembenuza fulakishoni pogawa: phunziro la masamu la Giredi 6 ndi 7

Ana inu, lamulo mumalidziwa kale: pogawa ndi fulakishoni, tembenuzani fulakishoniyo kenako muchulukitse. Ambiri amaliloweza ngati nyimbo, koma pa mayeso amasokonezeka, osadziwanso kuti yotembenuza ndi iti. Lamuloli lili ndi kumene limachokera, ndipo mukakuona simudzavutikanso kulikumbukira.

Tiyambe ndi funso limene kugawa kumafunsa. Tikalemba 12 ÷ 3, tikufunsa kuti, "Kodi mu 12 muli ma 3 angati?" Yankho ndi 4. Funsoli silisintha ngakhale nambala yogawira itakhala fulakishoni. Tengani K5 mupite nayo pa kantemba kuti akusinthireni ndi makoini a 50 ngwee. Koini iliyonse ndi theka la kwacha, ndiye mukufunsa kuti mu 5 muli matheka angati. Kwacha imodzi ili ndi matheka awiri, choncho K5 ikupatsani makoini 10. Mwapeza kuti 5 ÷ 1/2 = 10, ndipo kuti mupeze zimenezi mwachita 5 × 2.

Mwina mwadabwa kuti tagawa koma yankho lakula kuposa 5. Palibe cholakwika. Chinthu chimene tikuyezera ndi chaching'ono kuposa 1, ndiye chilowamo kambiri. Mawu akuti kugawa kumachepetsa nambala ndi oona pokhapokha tikamagawa ndi nambala yoposa 1.

Tsopano tione fulakishoni imene pamwamba pake sipali 1, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Telala wa ku Kamwala ali ndi chitenge cha mamita 6. Akufuna kusoka zikwama, ndipo chikwama chilichonse chimadya 3/4 ya mita. Asoka zikwama zingati? Samu yake ndi 6 ÷ 3/4.

Jambulani mzere mu kope lanu, wotalika masentimita 12, ndipo masentimita awiri alionse aimire mita imodzi. Dulani mita iliyonse m'makota anayi, kota iliyonse theka la sentimita. Werengani makota onse: 6 × 4 = 24. Chikwama chimodzi chimafuna makota atatu, ndiye zungulizani makotawo atatuatatu ndi pensulo. Magulu atuluka 8, chifukwa 24 ÷ 3 = 8. Telala asoka zikwama 8 ndipo nsalu sitsala.

Bwererani pa zimene manja anu achita. Mwachulukitsa ndi 4, nambala ya pansi, chifukwa ndiyo imanena kuti mita imodzi yadulidwa m'zidutswa zingati. Kenako mwagawa ndi 3, nambala ya pamwamba, chifukwa ndiyo imanena kuti chikwama chimatenga zidutswa zingati. Kuchulukitsa ndi 4 kenako n'kugawa ndi 3 n'chimodzimodzi ndi kuchulukitsa ndi 4/3:

6 ÷ 3/4 = 6 × 4/3 = 24/3 = 8

Ndiye 4 wakwera pamwamba chifukwa ntchito yake ndi kuchulukitsa, ndipo 3 watsikira pansi chifukwa ntchito yake ndi kugawa. Kutembenuza ndi njira yachidule yolembera ntchito ziwirizi.

Wina afunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga manambala onse awiri akakhala mafulakishoni, monga 2/3 ÷ 4/5?" Apa kujambula kumavuta, ndiye tigwiritsa ntchito mfundo ziwiri zimene mukuzidziwa kale. Yoyamba: mukachulukitsa manambala onse awiri a samu yogawa ndi nambala imodzi, yankho silisintha. 12 ÷ 3 ndi 4, ndipo 24 ÷ 6 ndi 4 yemweyo. Malalanje akawirikiza kawiri ndipo ana nawonso n'kuwirikiza kawiri, mwana aliyense alandira monga poyamba. Yachiwiri: fulakishoni ikachulukitsidwa ndi yotembenuza yake, yankho ndi 1. Onani: 4/5 × 5/4 = 20/20 = 1.

Kugawa ndi 1 ndiye kophweka kuposa kugawa kwina kulikonse, popeza nambala imakhala momwe inalili. Choncho tichulukitse mbali zonse ziwiri ndi 5/4 kuti yogawira isanduke 1:

2/3 ÷ 4/5 = (2/3 × 5/4) ÷ (4/5 × 5/4) = (2/3 × 5/4) ÷ 1 = 10/12 = 5/6

Chatsala ndi 2/3 × 5/4, lamulo lomwe lija. Ngati mukukayika, yesani njira ina. Sinthani mafulakishoni onse kuti akhale ndi 15 pansi: 2/3 ndi 10/15, ndipo 4/5 ndi 12/15. Zidutswa tsopano n'zofanana kukula, ndiye mungogawa 10 ndi 12, n'kupeza 10/12 yomwe ija. Yankho ndi lochepera 1, ndipo m'pomveka, chifukwa 4/5 ndi yaikulu kuposa 2/3, singalowemo yonse.

Cholakwa chimene chimaoneka kwambiri m'makope ndi kutembenuza nambala yoyamba. Mukatero pa samu ya telala, mupeza 1/6 × 3/4 = 1/8. Dzifunseni: mamita 6 a nsalu angalephere kutulutsa chikwama ngakhale chimodzi? Yotembenuza ndi yachiwiri, yogawira, chifukwa ndiyo tikufuna isanduke 1. Yoyamba isiyeni momwe ilili.

Samalaninso ndi manambala osakaniza, monga 1 1/2. Ena amangotembenuza theka lokha n'kulemba 1 2/1, zomwe ndi 3, osati yotembenuza ya 1 1/2. Yambani mwasintha nambala yonse kuti ikhale fulakishoni imodzi: 1 1/2 ndi 3/2, ndipo yotembenuza yake ndi 2/3. Motero 4 1/2 ÷ 1 1/2 = 9/2 × 2/3 = 18/6 = 3. Nambala yathunthu nayo ili ndi yotembenuza yake, pakuti 5 ndi 5/1, ndipo kugawa ndi 5 ndi kuchulukitsa ndi 1/5. Ziro yekha ndiye alibe, chifukwa palibe nambala imene mungachulukitse ndi 0 n'kupeza 1.

Pali chinthu china chimene chimapusitsa ngakhale ana ochenjera. Tinene kuti telala uja ali ndi mamita awiri okha. 2 ÷ 3/4 = 2 × 4/3 = 8/3 = 2 2/3. Zikwama ziwiri zatuluka, koma 2/3 yotsalayo ndi ya chiyani? Si 2/3 ya mita. Zikwama ziwiri zadya makota 6 mwa makota 8, ndiye patsala makota awiri, amene ndi theka la mita. Chikwama chimafuna makota atatu ndipo ife tili nawo awiri, choncho nsalu yotsalayo ndi 2/3 ya chikwama. Tinkawerenga zikwama, ndiye yankho lonse likunena za zikwama.

Musanapereke kope kwa aphunzitsi, chulukitsani yankho lanu ndi nambala yogawira. Muyenera kubwerera pa nambala yoyamba: 8 × 3/4 = 6, ndipo 5/6 × 4/5 = 20/30 = 2/3.

Yesani masamu awa. Pa yoyamba ndi yachiwiri, jambulani mzere musanagwiritse ntchito lamulo.

1. Mayi wa pa msika wa Soweto ali ndi malita 3 a mafuta ophikira, ndipo akuthira m'timabotolo ta 1/4 ya lita. Adzaza timabotolo tingati?
2. 4 ÷ 2/3
3. 3/5 ÷ 9/10
4. 2 1/4 ÷ 3/8

Mayankho: 12, 6, 2/3, 6.