Kawerengedwe ka tchati cha ana obwera kuchipatala

Amayi ndi abambo a komiti ya zaumoyo,

Pamsonkhano wa Lachinayi ndidzapachika pepala lokhala ndi mzere wokwera ndi kutsika ngati mapiri. Limenelo ndi tchati cha ana osakwana zaka 5 amene anabwera nawo kuchipatala chathu cha m'mudzi chaka chatha. Ndalemba izi kuti tonse tidzathe kuchiwerenga, ngakhale amene sukulu sanapite nayo patali.

Yambani ndi m'munsi. Mwalembedwa miyezi, kuyambira Januwale kumanzere mpaka Disembala kumanja. M'mbali mwa kumanzere muli manambala okwera m'mwamba: 0, 20, 40, mpaka 140. Mwezi uliwonse uli ndi kadontho kake. Ikani chala pa Januwale, kwerani mpaka mupeze kadontho, kenako yendetsani chala mopingasa kupita kumanzere. Chifika pakati pa 100 ndi 120, kutanthauza 110. Mzerewo ntchito yake ndi kungolumikiza timadontho kuti diso lione msanga kokwera ndi kotsika.

Koma 110 ameneyo ndi maulendo, osati ana. Mwana amene mayi ake anabwera naye katatu walembedwa katatu m'kaundula.

Mudzaona kuti mzere uli pamwamba m'dzinja ndipo watsika mpaka 40 mu Julayi. Izi sizodabwitsa: mvula ikamagwa udzudzu umaswana m'zithaphwi, malungo amachuluka, kutsegula m'mimba nakonso. Choncho musayerekeze Januwale ndi Julayi n'kunena kuti zinthu zasintha. Yerekezani Januwale wa chaka chino ndi Januwale wa chaka chatha.

Pamene ndikufuna tidzakhalitsepo ndi pa Febuluwale. Mzere wagwa kuchoka pa 110 kufika pa 60, kenako mu Malichi wakwera mpaka 120. Wina angaombe m'manja kuti ana anachira. Ayi ndithu. Kumbukirani kuti mwezi umenewo mtsinje unadzaza n'kukokolola mlatho wamitengo uja, ndipo amayi akutsidya anakhala masabata awiri osawoloka. Ana ankadwala ndithu, kungoti sankatifika. Mzere umatsikanso mankhwala akatha, poti mbiri imafala ndipo anthu safuna kuyenda ulendo wachabe. Ukakwera, nthawi zina ndi matenda, nthawi zina n'chifukwa choti inu munayenda khomo ndi khomo kulimbikitsa makolo kuti asachedwe ndi mwana wotentha thupi.

Tchati chimangonena kuchuluka kwa maulendo. Chifukwa chake mukuchidziwa ndinu, amene mumakhala ndi anthuwo. Ndiye aliyense adzabwere atakumbukira zimene zinachitika m'dera lake mu Febuluwale, komanso mu Okutobala, pamene mzere wakwera pang'ono mvula isanayambe. Amfumu alonjeza kudzakhala nafe, ndipo nkhani ya mlatho tidzaiyamba tchati chili patsogolo pawo.

Ine mlangizi wanu wa zaumoyo