Za nkhuku 500 zija, amake Tadala

Amake Tadala, mwaswera bwanji? Tadala chifuwa chija chatha? Pepani kuti ndakhala masiku awiri osayankha. Pepala lanu la bizinesi yoweta nkhuku 500 za nyama ndinaliwerenga usiku womwewo, koma sindinafune kungokuponyerani chala cham'mwamba ngati mmene anachitira enawo pa gulu paja. Munati ndikuuzeni zoona, ndipo mukudziwa kuti wakutsina khutu ndi mnansi, choncho pezani pokhala, uthengawu ndi wautali.

Kuweta nkhuku kukukhalani. Izi sindikunenera kukusangalatsani. Munthu amene wagulitsa zitumbuwa ndi mafilizesi zaka zitatu osadya mpamba ngakhale tsiku limodzi amadziwa kugwira ndalama. Malo kuseri kwa nyumba muli nawo, madzi a pampopi alipo, ndipo ku Area 25 anthu ndi ambiri, ndiwo amagula tsiku ndi tsiku. Chomwe chikundidetsa nkhawa ndi kuchuluka kwa nkhukuzo pa ulendo woyamba, komanso kumene ndalama yake ikuchokera.

Ndiyambe ndi chakudya, chifukwa ndi pamene pepala lanu laterereka. Mwalemba matumba 25. Nkhuku ya nyama imodzi imadya makilogalamu pafupifupi 4 kuti ifike masabata 6, kuyambira sitata mpaka finisha. Nkhuku 500 ndiye kuti makilogalamu 2,000, omwe ndi matumba 40 a makilogalamu 50. Matumba 15 akusowa pa masamu anu, ndipo adzasowera kumapeto, nthawi yomwe nkhuku zikudya ngati zatumidwa koma ndalama ya ngongole itatha kale. Mukadzazichepetsera chakudya sizidzalemera, ogula adzazinyamula m'manja n'kuzibweza. Komanso mtengo mwalembawo ndi wa lero. Mukukumbukira mu Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mmene mitengo inasinthira m'masitolo pa masiku ochepa. Chakudya cha nkhuku chimatsata mtengo wa chimanga ndi soya, ndipo Novembala ndi Disembala si miyezi yomwe chimanga chimatsika.

Tsopano ngongole. K3 miliyoni ya ku banki m'khonde pa chiwongoladzanja cha 20 peresenti pa mwezi ndi K600,000 mwezi uliwonse. Miyezi iwiri ndi K1,200,000. Mukagawa pa nkhuku 500, iliyonse yasenza K2,400 ya chiwongoladzanja chokha, musanawerengere mwanapiye, chakudya, katemera, makala ndi utuchi. Tayang'anani phindu lomwe mwalemba pa nkhuku imodzi, muchotsepo K2,400, muone chotsala. Ine nditachotsa ndinagwira pakamwa.

China chomwe mwina simunachione: gulu lathu limagawana pa 15 Disembala, ndipo ngongole zonse zimayenera kubwera tsikulo lisanafike. Inu mukuti anapiye afike sabata yachiwiri ya Novembala kuti akhwimire Khirisimasi. Ndiye kuti tsiku lobweza lidzakupezani nkhuku zili m'khola, zikudyabe. Amayi a pa gulu mumawadziwa bwino, ndi anzathu pokhapokha tsiku logawana lisanakwane. Sindikufuna kudzaona anthu atabwera kudzanyamula filiji yanu, ine nditakhala nawo pa mkeka womwewo.

Funso lomwe ndalifunafuna pa pepala lonse osalipeza yankho lake ndi ili: adzagula ndani? Mwalemba kuti "pa Khirisimasi nkhuku sizikhalitsa." Zoona, zimayenda. Koma aliyense woweta mu Lilongwe muno akuwerengera Khirisimasi yomweyo, kuphatikizapo makampani aakulu ngati Central Poultry, omwe amapanga okha chakudya ndipo angathe kugulitsa pa mtengo womwe inu mungaluze nawo. Nkhuku ya nyama si chitenje choti mungachipinde n'kuchisunga mu sutukesi kudikira kasitomala. Ikakwana masabata 6 osagulidwa, imayamba kudya phindu lanu. Nkhuku 500 za msinkhu umenewo zimamaliza thumba limodzi ndi theka pa tsiku, mwinanso kuposa. Sabata imodzi yochedwa ndi matumba oposa 10. Apa m'pamene mavenda amakupezerani: amadziwa kuti mwapanikizika, amatchula mtengo wawo, inu n'kuvomera misozi ili m'maso.

Ndikunena izi chifukwa zinandionekera. Mukukumbukira 200 zanga za mu 2022? Sindinakuuzeni zonse nthawi imene ija, manyazi. Zokwana 31 zinafa masana amodzi ndi kutentha, khola la malata lopanda mawindo okwanira, ine ndili ku maliro ku Mponela. Zotsalazo theka ndinabwereketsa kwa anthu oti "tidzapereka malipiro akatuluka." Ena mpaka lero tikakumana ku tchalitchi amayang'ana kumbali. Kope la ngongolezo ndikadali nalo, mudzaliona mukabwera.

Khola lanu nalonso ndi laling'ono. Mwati mamita 4 kwa 6, omwe akukwana mwina nkhuku 240 zikakula, powerengera 10 pa sikweya mita. Zikathinana mu kutentha kwa Novembala zimafa mukuziona. Katemera wa chitopa ndi gumboro mwamulemba, mwachita bwino, ingokumbukirani kuti amafuna kuzizira mpaka nthawi yothira m'madzi, ndiye magetsi akazima mukhale ndi pomusunga.

Za kusiya ntchito ku sitolo kuja, chonde dikirani kaye. Ndikudziwa kuti mwatopa, malipiro ake ndi ochepa ndipo abwana aja salankhula bwino. Koma ndalama yochepayo ndi yomwe ikulipira fizi ya Tadala mu Januwale, kaya nkhuku zafa kaya zapola.

Ndikanakhala inu ndikanatere. Ndikanayamba ndi 100, ndi ndalama yanga ya mafilizesi ija, osakongola. Pamafunika matumba 8 okha, ndipo khola lilipolo likukwana bwino lomwe. Anapiye asanabwere ndikanayenda ndi kope: malesitilanti a ku Nsungwi, anyamata okazinga chipisi, anzanu a ku ntchito, amayi a ku kwaya, aliyense anene kuti adzatenga zingati komanso adzalipira liti. Maina akakwana nkhuku 60, itanitsani anapiye. Akapanda kukwana, mwadziwa zoona zake musanataye tambala. Lembani chilichonse, ngakhale makala a mbaula yofunditsira anapiye ndi ndalama ya kabaza wonyamula matumba. Mukaweta kawiri kapena katatu mudzakhala ndi masamu anuanu, osati a m'bale wa amuna anu aja amene akuti anapha makwacha koma sanakuonetseni kope lake. Nthawi imeneyo mukadzati 300, ine ndidzakhala woyamba kukusainirani ku gulu.

Mwina pena ndalakwitsa. Ngati muli kale ndi wogula wamkulu amene simunamulembe pa pepala, ndiuzeni, masamu asintha. Ndipo bizinesi ndi yanu, mukasankha kupitiriza ndi 500 sindikunyanyalani, ndidzabwerabe kudzakuthandizani kupereka katemera. Kungoti sindikanagona tulo ndikanakuyankhani kuti "zili bho" chonsecho ndaona matumba 15 akusowa.

Zomwera 6 ndi zodyera 5 zanga zija zangokhala m'chipinda, mudzatenge, musagule zina. Loweruka masana ndili pakhomo. Bwerani ndi pepalalo ndi cholembera tidzawerengere limodzi, ine ndiphika tiyi. Mukakwiya nane, dzakwiyireni konkuno.

Moni kwa bambo a Tadala.

Ndine mnzanu,
Amake Yamikani