Malangizo kwa osewera: kachunidwe ka chithunzi pa makompyuta athu a ku Limbe

Makompyuta a m'chipinda chathu chosewerera magemu ali ndi makhadi a zithunzi a GTX 1050 Ti, omwe anatuluka mu 2016 ndipo ali ndi memore ya magigabaiti 4, pamene masikirini ake ndi a mapikiselo 1920 m'litali ndi 1080 m'lifupi. Magemu atsopano amalilemera khadi limeneli, n'chifukwa chake tikupempha aliyense kuti awerenge malangizowa asanayambe kusintha zinthu mwachisawawa.

Chithunzi chilichonse chodzaza sikirini chimakhala ndi mapikiselo, kapena kuti timadontho, 2,073,600, ndipo kuti gemu iyende pa mafuremu 60 pa sekondi, kutanthauza zithunzi 60 zotsatizana pa sekondi iliyonse, khadi liyenera kumaliza kujambula timadontho tonseti m'mamilisekondi 16.7 okha. Batani lolembedwa Render Scale, lomwe mu Fortnite limatchedwa 3D Resolution, limachepetsa ntchito imeneyi polola khadi kujambula chithunzi chaching'ono n'kuchitambasula kuti chidzaze sikirini. M'magemu ambiri peresenti yomwe mukuonayo imakhudza mbali zonse ziwiri, moti mukaika 75, khadi limajambula 1440 ndi 810, omwe ndi 56 peresenti yokha ya timadontho toyamba tija, ndipo mukaika 50 limangojambula gawo limodzi mwa magawo anayi. Apa m'pomwe ambiri amasokonezeka, poganiza kuti 50 ndi theka. Ubwino wa batanili poyerekeza ndi kutsitsa Resolution ya gemu yonse ndi woti nthawi zambiri malembo, mapu ndi mamenyu zimakhalabe zowerengeka bwino.

Kutambasula wamba kumachititsa chithunzi kuoneka ngati chaphimbidwa ndi nkhungu ya pa Ndirande m'nyengo ya chiperoni, choncho gemu ikakhala ndi mzere wolembedwa Upscaling, yambirani pamenepo. Mwa njira zotambasulira zomwe zimapezeka pamenepo, DLSS muiiwale, chifukwa imafuna makhadi a RTX. XeSS ya kampani ya Intel imagwira pa makhadi athu, koma payokha imadya mphamvu yochuluka, moti phindu lake limachepa. Yotiyenera kwambiri ndi FSR ya kampani ya AMD, yomwe imagwiranso pa makhadi a Nvidia. Mtundu wake woyamba wa mu 2021 umangotambasula furemu imodzi n'kuinola m'mphepete, pamene FSR 2 ya mu 2022 imaphatikiza zomwe zinali m'mafuremu apitawo kuti imangenso tinthu ting'onoting'ono, ndipo imeneyi ndi yomwe muyenera kusankha ikapezeka.

Pa FSR 2, Quality imajambula 1280 ndi 720, Balanced imatsika pafupifupi pa 59 peresenti mbali iliyonse, pamene Performance imafika pa 960 ndi 540. Ife tikulangiza kuti muime pa Quality, ndipo Balanced ikhale ya pamene zavutitsitsa. Performance imaoneka bwino pa masikirini okhala ndi mapikiselo ambiri kuposa athu. Pano timadontho toyambira timakhala tochepa kwambiri, kotero udzu, mawaya ndi mipanda zimathwanimathwanima, chinthu chothamanga chimasiya mzukwa kumbuyo kwake, ndipo mdani yemwe ali patali amasanduka banga losazindikirika. M'gemu yopikisana, kulephera kuona mdani n'kutaya kwakukulu kuposa mafuremu ochepa omwe mwapindula.

Musanakhudze chilichonse, sankhani liwiro lomwe mukufuna. Gemu yowomberana kapena ya mpikisano wa magalimoto imafuna mafuremu 60 pa sekondi, koma gemu ya nthano yoyenda pang'onopang'ono imaseweredwa bwino pa 30 kapena 40 wokhazikika, ndipo liwiro lokhazikika limakoma m'manja kuposa lokwera n'kutsika. Kenako tsitsani mithunzi, Shadows, pamodzi ndi Ambient Occlusion ndi Reflections, chifukwa zimenezi zimadya mphamvu zambiri koma kuchepa kwake sikuonekera msanga. Mukatero yatsani FSR, yendani pamalo odzaza anthu ndi utsi m'gemumo, ndipo musiye kutsitsa mukangofika pa liwiro lija. Sharpness muikweze pang'ono chabe, poti ikachuluka imazunguliza zinthu ndi timizere toyera.

Pali nthawi zina pamene zonsezi sizithandiza. Pakona ya sikirini taikapo manambala a MSI Afterburner, pulogalamu yoonetsa mmene khadi likugwirira ntchito. Mukaona kuti khadi likugwira ntchito pa 60 kapena 70 peresenti koma gemu ikuchedwabe, vuto limakhala kawirikawiri pa pulosesa, ndipo kuchepetsa chithunzi kungoipitsa maonekedwe popanda phindu. Gemu ikamadukiza mukatembenuka, memore ya khadi ija ingakhale yadzaza, choncho tsitsani Textures. Frame Generation, yomwe imalowetsa mafuremu ongopanga pakati pa enieni, musaiyatse mafuremu akakhala ochepa kale, chifukwa gemu imachedwa kumvera dzanja. Ndipo m'mwezi wotentha wa Okutobala, liwiro likamatsika patapita kanthawi mukusewera, khadi lingakhale latentha n'kudzichepetsera mphamvu lokha. Musatsegule kompyuta, itanani woyang'anira chipinda kuti adzapukute fumbi pa mafani.