Chikumbutso: pempho la ndalama zogulira mbewu ya mbatata likudikira siginecha yanu

Mayi Mhango,

Mwadzuka bwanji? Ndikhulupirira kuti munayenda bwino ku Karonga komanso kunyumba munawapeza ali bwino.

Pepani kuti ndikukuvutitsani m'mawa wa Lolemba, tebulo lanu lili lodzaza kale. Ndimati ndikukumbutseni za pempho langa la ndalama zogulira mbewu ya mbatata ya makalabu athu a ku Mpamba, lomwe ndinatumiza Lolemba lapitali, pa 1 Disembala. Nambala yake ndi PR-0412. Ndayang'ana pakompyuta m'mawa uno ndipo likuonekabe kuti `Pending Approval`, kusonyeza kuti likadali kwa inu. A Kumwenda anasaina mbali yawo Lachiwiri, ndipo a kuofesi ya ndalama andiuza kuti sangatulutse kalikonse inu musanavomereze. Lero ndiye lakwana sabata.

Ndikudziwa kuti sabata yathayi munali ndi malipoti a kumapeto kwa mwezi, kenako ulendo uja, choncho sindikudabwa ngati imelo yanga inakwiririka pansi pa zina. Kukanakhala kugula mipando kapena mapepala ndikanadikira mpaka mutapeza mpata. Koma izi zikuyenda ndi mvula, n'chifukwa chake ndalimba mtima kukulemberaninso.

Kuti musavutike kufufuza mafailo, pempholi ndi la K2,220,000. Mwa ndalamazi, K1,800,000 ndi ya mitolo 300 ya mbewu pa mtengo wa K6,000 mtolo umodzi, ndipo K420,000 yotsalayo ndi ya lole yonyamula kuchoka ku Ekwendeni kukafika ku Mpamba, mafuta a galimoto yathu ndi aganyu okweza ndi kutsitsa. Makalabu alipo 12, iliyonse ilandira mitolo 25. Zonsezi zili m'bajeti ya kotala ino yomwe tinagwirizana mu Okutobala, sindinawonjezerepo kanthu.

Chondithamangitsa kwenikweni ndi ichi. Mlimi wochulukitsa mbewu uja wa ku Ekwendeni anatipatsa koteshoni pa 28 Novembala, ndipo analemba kuti mtengowu ugwira masiku 14 okha. Akutha Lachisanu likubwerali, pa 12 Disembala. Wandiimbira kawiri, Lachinayi ndi Loweruka. Sanalankhule mwaukali ayi, koma wandiuza mosabisa kuti pali ena omwe akufuna mbewu yomweyi ndipo ndalama ali nazo m'manja. Sindingamuone wolakwa. Wakhala akuthirira nazale yake kudambo chilimwe chonse, ndipo nyengo yake yogulitsa ndi inoyi. Akagulitsa kwina tiyambiranso kufunafuna makoteshoni atatu, ndipo mukudziwa nokha kuti Kaphulira ndi Kadyaubwerere wosasakanikirana ndi mitundu ina sapezeka paliponse mu Disembala. Munda wa bamboyu ndinakauona ndekha limodzi ndi alangizi. Masamba ake ndi athanzi, osakwinyika ngati a mbatata yogwidwa matenda, ndipo sindikufuna kuti tikathere kugula mbewu ya m'mbali mwa msewu yomwe sitikudziwa kumene yachokera.

Mbewu ya mbatata siili ngati ya chimanga yoti mungaisunge m'thumba kudikira tsiku labwino. Ikadulidwa imafunika ilowe m'nthaka pasanathe masiku awiri kapena atatu, ndipo ngakhale pamenepo iyenera kukhala pamthunzi. Ndiye tsiku lodula, tsiku la lole ndi tsiku loti alimi asonkhane ziyenera kugwirizana, ndipo sindingalonjeze aliyense tsiku ndalama zisanavomerezedwe. Ku Mpamba mvula yagwa kale yokwanira, mizere anaunga kale. Amayi a m'makalabu akhala akufunsa alimi otsogolera kuti mbewu ifika liti, alimi otsogolerawo akufunsa ine, ndipo yankho langa lakhala lakuti "posachedwapa" kwa sabata yathunthu. Ena ayamba kunena kuti angobzala chinangwa m'mizeremo kuti malo asakhale. Sindingawaletse, poti kondowole ndiye chakudya chawo, koma ntchito yathu yonseyi tinaiyamba kuti ana azidyako mbatata yofiira m'kati ija yokhala ndi vitamini A, ndipo malo akapita ku chinangwa apita chaka chonse.

Mukukumbukira za chaka chatha. Mbewu tinakaipereka chakumapeto kwa Januwale, lole inatitimira m'matope titangochoka pa tala wa msewu wa ku Nkhata Bay, ndipo mitolo ina inagona panjira masiku awiri n'kufota. Ine ndi amene ndinakaima pamaso pa amfumu kukafotokoza. Tsiku limenelo limandiwawabe mumtima, ndipo ndinawalonjeza kuti chaka chino tifika nthawi yabwino, misewu ya kumidzi isanayambe kuterera.

Palinso tchuthi. Ofesi tikutseka pa 19 Disembala, ndipo a kuofesi ya ndalama amafuna masiku awiri ogwira ntchito kuti ndalama zifike ku akaunti ya wogulitsa. Mukavomereza pofika Lachitatu masana, pa 10, malipiro atuluka koteshoni isanathe. Tikatero mbewu idulidwa Lolemba pa 15, tinyamula Lachiwiri m'mamawa, ndipo pofika Lachitatu idzakhala ili m'nthaka. Dalaivala wathu wandisungira kale masiku amenewo, koma nayenso akufunidwa ku Rumphi sabata yomweyo ndipo akudikira mawu anga.

Mwina pali china m'pempholi chomwe sichinakukhutiritseni, ndipo ngati ndi choncho chonde ndiuzeni mosabisa. Ndaganizirapo ndekha ndipo ndikuona ziwiri zomwe mungafunse. Choyamba ndi chakuti sindinasankhe wotchipa kwambiri: mmodzi mwa atatuwo anati K5,500 pa mtolo, koma ali ku Mzimba, ndipo mukawerengera mtunda wa lole ndalama yake ikuposa ya wa ku Ekwendeni, osanenanso za maola omwe mbewu ingakhale padzuwa. Ndinazilemba pa tsamba lachiwiri la fomu, koma mwina sindinazimveketse bwino. Chachiwiri ndi mndandanda wa olandira. Woyamba uja unali ndi kalabu imodzi yopanda siginecha ya wapampando. Ndinakonza Lachitatu ndipo watsopanowo ndauphatikiza pa imelo ino, pamodzi ndi makoteshoni onse atatu. Ngati vuto ndi kuchuluka kwa ndalama, tikhoza kuyamba ndi makalabu 8 omwe ali kutali ndi tala, enawo n'kudzawapatsa mu Januwale. Si zomwe ndingakonde, koma n'zabwino kusiyana ndi kutaya zonse. Ndipo ngati yankho ndi lakuti ayi, ndilandira, bola ndidziwe msanga kuti ndimumasule wogulitsayo ndi kuwauza alimi zoona.

Lero ndili muofesi mpaka 12 koloko, kenako ndipita ku Luwinga kukaona za matumba ndipo ndibwerako cha m'ma 3 koloko. Mawa ndilipo tsiku lonse. Ngati mungakonde kuti tione limodzi, ndibwera ndi failo yonse kuofesi kwanu, sizitenga mphindi zoposa 10. Ngati mukutulukanso sabata ino, mukhoza kuvomereza pafoni pomwepo, kapena mundiuze amene mwamusiyira udindo wosaina kuti ndimuone iyeyo.

Zikomo kwambiri chifukwa cha thandizo lanu la nthawi zonse. Ndidikira kumva kuchokera kwa inu.

Ndine,
Tiyamike Banda
Woyang'anira ntchito za ulimi ndi kadyedwe, Mpamba