Ndalama za pa foni ndi kusunga ndalama m'mabanja a m'boma la Mchinji: ndondomeko ya kafukufuku wa digiri ya masitazi pa zachuma

Chiyambi ndi vuto

Airtel Money inayamba kuno ku Malawi mu 2012, ndipo Mpamba wa TNM anabwera mu 2013. Lero m'misika ngati Kamwendo, Waliranji ndi Mkanda simungayende patali osaona kachikwangwani ka ejenti. Malipoti a Reserve Bank of Malawi amawerenga maakaunti otsegulidwa ndi kuchuluka kwa ndalama zodutsa pa foni, koma sanena ngati ndalamazo zikugona pa foni kapena zikungodutsa. Mayi amene mwana wake wamtumizira K30,000 kuchokera ku Lilongwe, n'kukatapa yonse tsiku lomwelo, ali ndi akaunti yogwira ntchito, koma sanasungepo kalikonse.

Palinso banja lomwe kale linkagula masheya ku banki mkhonde kapena kugula mbuzi, tsopano likuika ndalama yomweyo pa foni. Banjali langosintha posungira, chuma chake sichinakule. Kafukufukuyu akufuna kusiyanitsa zinthu zitatu izi: ndalama yongodutsa, ndalama yosamutsidwa, ndi ndalama yomwe sikadasungidwa pakadapanda foni.

Zomwe ena anapeza kale

Ku Kenya, Suri ndi Jack (2016) anapeza kuti M-Pesa, njira yakumeneko ya ndalama za pa foni, inathandiza mabanja pafupifupi 194,000 kutuluka mu umphawi wadzaoneni, makamaka mabanja otsogozedwa ndi amayi. Kuno kwathu, Brune, Giné, Goldberg ndi Yang (2016) anaonetsa kuti alimi a fodya omwe ndalama zawo zinkalowa mwachindunji mu akaunti ya kubanki anagula zipangizo zaulimi zochulukirapo chaka chotsatira. Aggarwal, Brailovskaya ndi Robinson (2020) anatsegulira amalonda ang'onoang'ono a mumzinda maakaunti a pa foni n'kuwachotsera mtengo wotapira, ndipo ambiri anayamba kusungirapo. Koma amalondawa ndi anthu opeza ndalama tsiku ndi tsiku. Mlimi wa mtedza ndi soya amagwira ndalama yochuluka kamodzi pachaka, amalipira yekha mtengo wotapira, ndipo kuyambira pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ali ndi chifukwa chomveka chosungira chuma chake m'matumba a chimanga m'malo mwa ndalama. Mlimi ameneyu ndiye sanafufuzidwe mokwanira.

Mafunso a kafukufuku

1. Kodi mabanja ogwiritsa ntchito foni amasunga zambiri kuposa anzawo, tikawerengera pamodzi njira zonse zosungira?
2. Kodi ndalama ikalowa pa foni imakhala masiku angati isanatapidwe, ndipo zimenezi zimasiyana bwanji pakati pa nyengo yokolola ndi nyengo ya njala?
3. Kodi amayi omwe ali ndi simu khadi ya m'dzina lawo amasunga mosiyana ndi omwe amabwereka foni ya amuna awo?

Njira yofufuzira

Kafukufuku achitika m'madera a mafumu aakulu Mkanda, Mavwere ndi Zulu. Pa mndandanda wa madera owerengera anthu wa National Statistical Office, wa kalembera wa 2018, padzasankhidwa madera 24 mwa maere: 12 omwe ali pasanathe makilomita 3 kuchokera kwa ejenti, 12 akutali kuposa pamenepo. Dera lililonse lidzapereka mabanja 18, onse pamodzi 432. Chiwerengerochi chikuchokera pa `n = z²p(1−p)/e²`, njira yowerengera kuchuluka kwa mabanja ofunika kufunsa, pomwe z ndi 1.96, p ndi 0.5, e ndi 0.05, yankho ndi mabanja 384, ndipo otsalawo ndi olowa m'malo mwa okana ndi osamuka.

Banja lililonse lidzafunsidwa kawiri, mu Julaye atagulitsa mbewu, ndi mu Febuluwale nkhokwe zitauma. Mwamuna ndi mkazi adzafunsidwa aliyense payekha, mayi ndi wofunsa wamkazi, chifukwa ndalama yobisa pa foni siululidwa mwini nyumba ali pomwepo. Funso loti «mumasunga zingati?» silidzafunsidwa mwanjira imeneyo, chifukwa munthu amayankha kuti alibe poganiza kuti kukubwera chithandizo. Wofunsa adzatsata njira imodziimodzi: ya m'nyumba, ya pa foni, masheya a banki mkhonde, chipereganyu, akaunti ya kubanki kapena SACCO, ziweto, ndi mbewu zosungira kudikira mtengo. Ziweto ndi mbewu zidzawerengedwa pa mtengo wa pamsika wapafupi sabata yomweyo.

Wovomera adzapemphedwa kuona yekha zotsala mu akaunti yake kudzera pa `*211#` kapena `*444#`, ndi kuwerenga mauthenga otsimikiza kulandira ndi kutapa a masiku 30 apitawo. Wofunsa sadzagwira foni ndipo sadzafunsa nambala yachinsinsi. Lamuloli ndi lolimba chifukwa akuba amaimbira anthu podzitcha ogwira ntchito kukampani, ndipo kafukufuku sayenera kuzoloweretsa anthu kupereka nambalayi kwa mlendo. Padzakhalanso zokambirana ndi magulu 6 a banki mkhonde ndi maejenti 10, makamaka pa nkhani ya floti: ejenti wa kumudzi akasowa ndalama yopatsa otapa, munthu amabwerera chimanjamanja ndipo ulendo wina saikanso pa foni.

Mayankho adzalembedwa mu pulogalamu ya KoboToolbox ndi kusanthulidwa mu pulogalamu ya Stata. Popeza mabanja ambiri adzakhala opanda chosunga mu Febuluwale, padzagwiritsidwa ntchito `tobit`, njira yosanthulira yoyenera pomwe mayankho ambiri ndi ziro, kenako `teffects psmatch` kuyerekeza mabanja ofanana pa kukula kwa munda, maphunziro ndi kukhala ndi wachibale kutauni. Ndalama za mu Febuluwale zidzasinthidwa molingana ndi kukwera kwa mitengo kuti zifanane ndi za mu Julaye.

Ntchito sidzayamba popanda chilolezo cha UNIMAREC, komiti yovomereza kafukufuku ya University of Malawi, ndi kalata ya kwa bwanamkubwa wa boma la Mchinji. Mayina ndi manambala a foni adzasungidwa padera ndi mayankho, motsata lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024.

Ndandanda ya ntchito

| Nthawi | Ntchito |
|---|---|
| Malichi–Epulo 2027 | Kuteteza ndondomekoyi, kupempha chilolezo |
| Meyi 2027 | Kuyesa mafunso pa mabanja 30 kunja kwa madera osankhidwa |
| Juni 2027 | Kuphunzitsa ofunsa 6, kukaonekera kwa mafumu, kulemba mndandanda wa mabanja |
| Julaye 2027 | Ulendo woyamba, masabata 3 |
| Ogasiti–Disembala 2027 | Kukonza mayankho, zokambirana za magulu, kulemba mitu itatu yoyamba |
| Febuluwale 2028 | Ulendo wachiwiri, masabata 4 chifukwa cha matope |
| Malichi–Meyi 2028 | Kusanthula ndi kulemba |
| Juni 2028 | Kupereka kwa oyesa |

Chilolezo chikachedwa kupyola Juni, ulendo woyamba sungasunthidwe kufika Seputembala, chifukwa pamenepo ndalama za mbewu zimakhala zitalowa kale ku fizi ndi feteleza. Zikatero dongosolo lidzatembenuzidwa: Febuluwale 2028 poyamba, Julaye 2028 pambuyo, ndipo kupereka kudzakhala mu Novembala.

Malire a kafukufukuyu

Chachikulu n'chakuti sangatsimikize kuti foni ndiyo yachititsa kusunga. Maejenti amakhazikika pomwe pali ndalama kale, ndipo munthu wokonda kusunga ndi yemwenso amafulumira kutsegula akaunti. Kuyerekeza mabanja ofanana kumachotsa kusiyana kooneka kokha. Choncho zotsatira zidzanenedwa ngati mgwirizano wa zinthu ziwirizi, osati umboni woti china chabala chinzake.

Mabanja a mudzi umodzi amafanana, kotero mabanja 432 a m'madera 24 alibe mphamvu ya mabanja 432 osankhidwa paliponse; kusiyana kwakung'ono kukhoza kusaoneka, makamaka pa funso lachitatu. Mafoni ang'onoang'ono amadzaza msanga ndipo eni ake amafufuta mauthenga, ndiye mbiri ya masiku 30 idzakhala yoperewera kwa ena. Zolemba za makampani a foni sizidzagwiritsidwa ntchito. Chaka chimodzi chaulimi sichiimira zaka zonse, ndipo Mchinji, pokhala ndi mbewu zogulitsa komanso malonda a m'malire ndi Zambia, singalankhulire maboma ngati Nsanje kapena Chikwawa.